Kuona sitolo kapena nyumba isanamangidwe: njira zinayi zophatikizira chojambula ndi chithunzi cha mwini wake

Munthu akagula puloti ku Machinjiri, ku Chileka kapena ku Mpemba, nthawi zambiri amakhala ndi zinthu ziwiri m'manja: pepala lomwe mmisiri kapena mwana wa sukulu wajambulapo maonekedwe a nyumba yomwe akufuna, ndi chithunzi cha pafoni chomwe iye mwini waima pamalopo, udzu uli m'maondo. Chomwe amalakalaka n'chakuti ziwirizi zikhale chinthu chimodzi, adzione ataima kutsogolo kwa sitolo kapena nyumba yomwe njerwa yake ngakhale imodzi sinayalidwe. Ena amafuna chithunzi choterechi kuti atumizire achibale omwe ali ku Joni ndipo akuthandiza ndalama, ena kuti aonetse anzawo a banki m'khonde, ena kuti agwirizane ndi akunyumba kwawo za kutalika kwa khonde ndi mbali yomwe chitseko chiyang'ane. M'nkhani ino, mawu oti chojambula akuimira zomwe zalembedwa ndi dzanja papepala, chithunzi ndi chotoledwa ndi kamera, ndipo chomwe chimatuluka ziwirizi zikaphatikizidwa tikuchitcha chithunzi choyerekeza.

Pali njira zinayi zomwe munthu wa mu Blantyre angazipeze popanda kuvutika kwambiri. Ine ndimaziyesa pa zinthu zinayi: mtengo wake, kupezeka kwa anthu ndi zipangizo, kusamalira ndi kusintha chithunzicho maganizo akasintha, ndi zoopsa zake. Koma pamwamba pa zonsezi pali funso limodzi lomwe ndi lolemera kuposa enawo, loti kodi chithunzicho chikunena zoona pa kukula kwa nyumbayo poyerekeza ndi munthu waima kutsogolo kwake. Chithunzi chokongola chomwe chakuza sitolo ndi choipa kusiyana ndi chosakongola chomwe miyeso yake ndi yolondola, chifukwa ndalama, malata ndi chiyembekezo cha banja lonse zimatsatira zomwe maso aona.

Ntchito ya papuloti, yomwe njira zonse zimadalira

Palibe njira iliyonse mwa zinayizi yomwe ingakonze chithunzi chomwe chinatoledwa molakwika, choncho tiyambire pamalopo. Khomani zikhomo pa ngodya zinayi za nyumba monga ilili pa chojambula, mumange chingwe chowala kuzungulira, ndipo ngodya zake muziongole ndi njira yomwe amisiri amaidziwa ya mamita 3, 4 ndi 5: mukayeza mamita 3 mbali imodzi ndi mamita 4 mbali inayo, mtunda wa pakati pa mapeto awiriwo ukhale mamita 5. Kenako pezani nsungwi ziwiri zowongoka za mamita 3, muzikulunge tepi yakuda kapena kansalu pa theka lililonse la mita, ndipo muziimike chilili pa ngodya ziwiri za kutsogolo. Nsungwi zimenezi ndizo zidzauze aliyense wophatikiza chithunzicho kuti mita imodzi ndi yaitali bwanji pamzere wa khoma.

Wotola chithunzi aime pamalo omwe ayezedwa ndi tepi, ndipo mtunda wake ulembedwe. Foni igwiridwe mowongoka, osaipendeketsa m'mwamba kapena pansi, pa msinkhu wa mita 1.5 kuchokera pansi, ndipo agwiritse ntchito kamera yaikulu, yomwe pafoni imalembedwa 1x, osati ya 0.5x yomwe imapinda mizere ya m'mbali ndi kutalikitsa zinthu. Atole zithunzi ziwiri asanasunthe phazi: china mwini wake ataima, china palibe munthu. Chachiwirichi anthu ambiri amachiiwala, koma chimapulumutsa ntchito yambiri pambuyo pake.

Nkhani ya dzuwa ndi yofunikanso. Mzinda wa Blantyre uli kumwera kwa ikweta ndi madigiri pafupifupi 16, kotero m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi dzuwa la masana limakhala chakumpoto ndipo mithunzi imagwera kumwera, pamene chakumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale limadutsa pamutu penipeni. Mthunzi wa munthu ukagwera kumanzere pamene wa nyumba yojambulayo wagwera kumanja, aliyense amaona kuti china chake chalakwika ngakhale asathe kuchitchula. Tsiku la mitambo, monga masiku a chiperoni pamene mvula yamawawa yaleka koma dzuwa silinatuluke, ndi labwino kwambiri, chifukwa mithunzi imakhala yofewa ndipo palibe chomwe chingatsutsane ndi chojambula.

Chitsanzo cha golosale ya mamita 6

Mayi ena omwe ndinawathandiza ankafuna kumanga golosale m'mbali mwa msewu wafumbi ku Machinjiri. Kutsogolo kwake kunali mamita 6, khonde lotuluka mita 1.5, chitseko cha mamita 2.1 m'litali monga zitseko zambiri zimakhalira, ndipo iwo eni msinkhu wawo unali mita 1.6. Wotola chithunzi anaima mamita 10 kuchokera pamzere wa khoma la kutsogolo, ndipo mayiwo anaima mamita 2.5 kutsogolo kwa khomalo, kutanthauza mamita 7.5 kuchokera pa kamera. Chithunzicho chitasindikizidwa papepala la A3, mbali yake yaitali ili masentimita 40, mayiwo anatalika masentimita 6.4.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonya. Ngati mita 1.6 yakhala masentimita 6.4, ndiye kuti pamene mayiwo aima, mita iliyonse ndi masentimita 4. Munthu wosazindikira amatenga 4 yemweyo n'kuchulukitsa ndi 2.1, chitseko n'kukhala masentimita 8.4, kutsogolo kwa sitolo n'kukhala masentimita 24. Koma khoma silili pamene pali mayiwo, lili kumbuyo kwawo, ndipo chinthu chikatalikira kamera chimachepa molingana ndi mtundawo. Kuwerengera kolondola ndi uku:

```
4 x 7.5 / 10 = 3
2.1 x 3 = 6.3
6 x 3 = 18
```

Pamzere wa khoma, mita iliyonse ndi masentimita 3, choncho chitseko chiyenera kukhala masentimita 6.3, chofupikirapo pang'ono kusiyana ndi mayiwo papepalapo, ndipo kutsogolo konse kukhale masentimita 18. Sitolo ya masentimita 24 ija, ikayezedwa ndi muyeso woona wa pakhomalo, ndi ya mamita 8. Izi n'zimene zinachitika pa chithunzi choyamba chomwe mwana wa achemwali awo anawakonzera pafoni, ndipo achimwene awo a ku Joni atachiona anayamba kale kukamba zodula chipinda china cha saluni mkati momwemo. Mmisiri wawo ndiye anawaimitsa atayang'ana chithunzicho kwa kanthawi, nati: "Mayi, pamene mwandikhomera zikhomo paja sipangalowe nyumba iyi. Iyi ikudya ndi malo a aneba."

Pali njira yachidule yodziwira ngati chithunzi choyerekeza chili bwino, ndipo siifuna masamu. Kamera ikakhala pa mita 1.5 ndipo malowo ndi athyathyathya, pali mzere umodzi wopingasa pachithunzi womwe umadula chinthu chilichonse pa msinkhu wa mita 1.5, kaya chili pafupi kaya chili kutali. Tiutche mzere wa maso. Kwa mayi a mita 1.6, mzerewu umadutsa cha m'maso mwawo, umadutsanso pa chizindikiro chachitatu cha nsungwi zonse ziwiri. Ngati pansi pa sitolo padzakwezedwa ndi masentimita 30, monga zimafunikira kuti madzi a mvula asalowe, mzerewu uyenera kudula chitseko pa mita 1.2 kuchokera pansi pake, pamwamba pang'ono pa theka. Mukaona kuti mzere wa maso a mwini wake ukudutsa m'munsi kwambiri mwa chitseko pamalo osatsetsereka, dziwani kuti nyumbayo yakuzidwa.

Vuto n'lakuti mapuloti ambiri mu Blantyre si athyathyathya. Ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni ndi m'munsi mwa phiri la Soche, ngodya imodzi ya nyumba imatha kutsika ndi theka la mita kapena kuposerapo poyerekeza ndi inzake. Pamalo otere nsungwi ziwiri zija ndizo mboni: mzere wa maso udzadula imodzi pa chizindikiro chachitatu, inzake pa chachinayi, ndipo kusiyanako ndi kutalika kwa maziko omwe adzaonekere kunja mbali yotsikayo, pamodzi ndi masitepe omwe adzafunike. Chojambula cha papepala pafupifupi nthawi zonse chimaonetsa nyumba itakhala pamzere wowongoka ngati pa tebulo, ndipo njira yabwino ndi yomwe imalola kuti maziko amenewa aonjezedwe.

Njira yoyamba: kujambula ndi dzanja pamwamba pa chithunzi chosindikiza

Chithunzi cha papuloti chimasindikizidwa, pamwamba pake n'kuyala pepala loonekera mkati lomwe ojambula mapulani amagwiritsa ntchito, ndipo wojambula amalemba nyumbayo mwatsopano motsatira nsungwi ndi zingwe zomwe zikuoneka pansi pake. Mwini wake amadulidwa ndi lumo kuchokera pa chithunzi china chofanana n'kumatidwa pamwamba, kenako zonse zimapita pa fotokope ya mitundu kapena pa sikana.

Mtengo. Iyi ndi yotsika kuposa zonse: kusindikiza mapepala awiri kapena atatu, pepala loonekeralo, mapensulo, ndi kangachepe ka wojambula. Sipafunika bandulo kapena magetsi kupatula posindikiza.

Kupezeka. Malo osindikizira ndi a fotokope ali ponseponse m'tauni ya Blantyre ndi ku Limbe, ngakhale si onse omwe ali ndi makina a A3 a mitundu. Anthu olemba zikwangwani za masitolo, omwe amapezeka m'misika yambiri, ali ndi dzanja labwino pa ntchitoyi, ndipo kwa sitolo ali ndi ubwino wina woti yemwe wajambula chikwangwani papepala ndi yemweyo angadzachilembe pakhoma.

Kusamalira. Kusintha kulikonse, monga kusuntha zenera kapena kusintha denga, kumafuna kujambulanso pepala lapamwambalo, koma chithunzi cha pansi chimakhala chomwecho. Pepala limaopa chinyezi, choncho litoledwe ndi sikana tsiku lomwelo.

Zoopsa. Wojambula waluso amakonda kukongoletsa, ndipo dzanja lake limatalikitsa makoma ndi kukuza mazenera mosazindikira. Muumirireni kuti ayeze ndi rula kuchokera pa nsungwi, osati ndi maso. Komabe njirayi ili ndi chitetezo chomwe zinazo zilibe: aliyense woiona amadziwa nthawi yomweyo kuti n'chojambula, ndipo palibe angaganize kuti nyumbayo yamangidwa kale.

Njira yachiwiri: kuphatikiza pafoni

Apa chojambula chimatoledwa ndi kamera ya foni, n'kuikidwa pamwamba pa chithunzi cha puloti m'pulogalamu yomwe imalola kusanjikiza zithunzi, monga ibisPaint X kapena PicsArt. Zimasanjikizana zitatu: pansi penipeni chithunzi chopanda munthu, pakati chojambula, pamwamba mwini wake atadulidwa kuchokera pa chithunzi chinacho. Chojambulacho chikaikidwa pa Multiply, kuyera kwa pepala kumazimirira n'kutsala mizere yokha. Izi ndi zabwino poyanjanitsa ngodya za nyumba ndi nsungwi, koma zikatero udzu ndi mitengo ya kumbuyo zimaonekera m'kati mwa makoma, choncho pamafunika gawo lina pansi pa mizereyo lomwe lapakidwa mtundu wa khoma.

Mtengo. Mapulogalamuwa amatsitsidwa ulere ndipo amaonetsa zotsatsa malonda, pamene zida zina zimatsekulidwa ukalipira. Chomwe chimadya ndalama ndi bandulo, ndipo chomwe chimadya kwambiri ndi nthawi: munthu woyamba kumene amatha madzulo awiri kapena atatu asanapeze chooneka bwino.

Kupezeka. Palibe njira yopezeka msanga kuposa iyi, chifukwa pafupifupi banja lililonse lili ndi wachinyamata wodziwa kusewera ndi zithunzi pafoni. Foni ya malo ochepa imachedwa kapena kutseka pulogalamu zithunzi zikakhala zazikulu.

Kusamalira. Kusintha mtundu wa utoto kapena mawu a pachikwangwani n'kosavuta malinga ntchitoyo isungidwe magawo ake ali osiyana. Koma ntchitoyo imakhala m'kati mwa pulogalamu pafoni imodziyo, ndipo foni ikabedwa mu minibasi kapena pulogalamu ikafufutidwa kuti papezeke malo, chimatsala ndi chithunzi chomaliza chokha, chomwe sichingasinthidwe bwinobwino.

Zoopsa. Apa ndiyenera kukhalitsapo, chifukwa zithunzi zonama zambiri zomwe ndaziona zinachokera m'njira imeneyi. Kukuza chojambula ndi zala ziwiri n'kophweka moti munthu amangochikoka mpaka chitadzaza chithunzi ndi kuoneka bwino, osayang'ananso nsungwi. Chachiwiri, potola chojambulacho foni imapendekeka, makoma n'kuoneka ngati akupanikizana kumwamba. Pepala liyalidwe pansi pamthunzi ndipo foni ikhale pamwamba pake mowongoka. Chachitatu ndi mbali yomwe chojambulacho chikuyang'anira: ngati mmisiri anajambula nyumba ngati akuionera pangodya, mbali ziwiri zikuoneka, pamene chithunzi chinatoledwa molunjika kutsogolo, ziwirizi sizingagwirizane ngakhale mukoke bwanji, ndipo chofunika n'kubwerera papuloti kukatola chithunzi kuchokera pangodya yomweyo. Chomaliza ndi khonde. Mizati ya khonde la golosale ija ili mamita 8.5 kuchokera pa kamera, osati 10, choncho iyenera kuoneka yokulirapo ndi kutsikirapo pansi kusiyana ndi khoma, koma chojambula chathyathyathya chimaiika pamzere umodzi ndi khomalo, ndipo mwini wake amaoneka ngati waima kutsogolo kwa chinsalu.

Njira yachitatu: ku situdiyo ya zithunzi kapena kwa wokonza mapositala

Ntchito yake ndi yofanana ndi ya pafoni koma imachitikira pakompyuta, m'pulogalamu ya Photoshop kapena GIMP, ndi munthu yemwe amadula zithunzi tsiku ndi tsiku. Mu GIMP chida cha Perspective, chomwe chimatsekulidwa ndi Shift+P, chimalola kukoka ngodya zinayi za chojambula mpaka zitagwera pomwe pali nsungwi; mu Photoshop zomwezo zimachitika ndi Distort. Wodziwa ntchito amaonjezera kamthunzi pansi pa mapazi a mwini wake ndi m'munsi mwa denga, amabwezeretsa udzu kutsogolo kwa maziko, ndipo amadula tsitsi ndi m'mphepete mwa chitenje mosamala.

Mtengo. Ndi wapakatikati, ndipo umakambidwa pa chithunzi chilichonse. Photoshop imalipiridwa mwezi ndi mwezi m'ndalama zakunja pamene GIMP ndi yaulere, koma kwa kasitomala chofunika n'kugwirizana musanayambe kuti mtengowo ukuphatikiza kusintha kangati, chifukwa mikangano yambiri imabuka pa kusintha kwachiwiri ndi kwachitatu.

Kupezeka. Okonza makadi a ukwati, mapositala a misonkhano ya mapemphero ndi zikwangwani zosindikiza alipo ambiri m'tauni ndi ku Limbe. Ntchito imatha tsiku limodzi kapena awiri ngati magetsi sanavute. Potumiza zithunzi pa WhatsApp, sankhani Document, chifukwa zikatumizidwa mwa nthawi zonse zimachepetsedwa ndipo zizindikiro za pa nsungwi zimafufutika.

Kusamalira. Pemphani fayilo ya magawo, yomwe dzina lake limathera ndi .psd kapena .xcf, osati chithunzi chomaliza chokha. Mukakhala nayo, munthu wina aliyense angapitirize ntchitoyo.

Zoopsa. Wokonza mapositala anaphunzira kukopa maso, sanaphunzire kumanga. Akaona kuti chojambula chanu n'chosalongosoka, amatha kutenga nyumba ina pa intaneti, ya matailosi ndi magalasi aakulu, n'kuiika m'malo mwake pofuna kukusangalatsani, ndipo inu mumabwerera kunyumba ndi chinthu chomwe thumba lanu silingachifikire. Amakondanso kufufuta zomwe akuziona ngati zonyansa, monga mtengo wa magetsi, ngalande ya m'mbali mwa msewu kapena mpanda wa aneba, pamene zimenezi ndizo zimakuuzani ngati galimoto yobweretsa katundu idzatha kufika pakhomo. Muuzeni kuti nsungwi azifufute pomalizira penipeni, mutayeza kale ndi rula pa chithunzi chosindikiza.

Njira yachinayi: nyumba yomangidwa pakompyuta ndi wojambula mapulani

Njira iyi ndi yosiyana ndi zinazo pa chiyambi pomwe. Chojambula sichimatidwa pachithunzi, koma miyeso yake imagwiritsidwa ntchito kumanga nyumbayo m'kompyuta ndi mbali zake zonse, m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, kenako kamera ya m'pulogalamu imaikidwa pomwe panaima wotola chithunzi. Mu SketchUp ya pakompyuta muli chida cha Match Photo chomwe chimachita zimenezi, ndipo omwe amagwiritsa ntchito Blender amathandizidwa ndi kapulogalamu kotchedwa fSpy. Zida ziwirizi zimafuna mizere yowongoka yolowera mbali ziwiri zopingasana, ndipo papuloti yopanda kanthu mizere imeneyi ndi zingwe zija zomwe munamanga pa zikhomo. Zimafunanso chithunzi chosadulidwa m'mbali, monga chinatulukira mu kamera, ndipo zimagwira bwino chikatoledwa chapangodya.

Mtengo. Ndi wokwera kuposa njira zonse ngati mukufuna chithunzi chokha. SketchUp ya akatswiri imalipiridwa m'madola, ndipo chichokereni pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholipiridwa m'ndalama zakunja chinakwera. Blender, fSpy ndi Sweet Home 3D ndi zaulere, koma luso ndi nthawi ya munthuyo ndizo mukulipira. Komabe ngati mukujambulitsa kale pulani yokapereka ku khonsolo ya mzinda, yomwe iyenera kuvomereza musanayambe kumanga, mbali yaikulu ya ntchitoyo yachitika kale ndipo chithunzi choyerekeza n'choonjezera chabe.

Kupezeka. Akatswiri olemba mapulani a nyumba ndi ojambula mapulani odziimira paokha alipo mumzindawu, ndipo ophunzira za zomangamanga a ku MUBAS, yomwe kale inkatchedwa Polytechnic, ambiri amadziwa mapulogalamuwa. Wophunzira angakukonzereni chithunzi, koma zimenezo sizimusandutsa woyenera kusainira pulani. Yembekezerani masiku angapo, osati maola.

Kusamalira. Apa ndi pomwe njirayi imaposa zinzake kutali. Mukafuna khonde lifike mamita 2, kapena denga la mbali imodzi lisanduke la mbali ziwiri, chimasinthidwa ndi nyumba ya m'kompyutayo ndipo chithunzi chimatsatira chokha. Nyumba yomweyo ingaonedwe kuchokera kumsewu, kumbuyo kapena m'kati, ndipo pulogalamu ikauzidwa malo, mwezi ndi ola, imaonetsa pomwe mthunzi wa khonde udzafike. Kwa sitolo yoyang'ana kumadzulo, kudziwa ngati dzuwa la Okutobala lidzawomba pa shelefu ya buledi ndi majarini cha m'ma 3 koloko ndi nkhani ya phindu lenileni. Fayilo yake, monga ya .skp, ipempheni m'pangano loyamba, podziwa kuti ena amaiona ngati chuma chawo ndipo safuna kuipereka.

Zoopsa. Chithunzi chotuluka m'njira imeneyi chimatha kufanana kwambiri ndi nyumba yeniyeni, ndipo mwini wake akaima kutsogolo kwake, wachibale wakutali angakhulupirire kuti ndalama zomwe anatumiza zamanga kale. Chithunzi chomwecho chikagwera m'manja mwa munthu wachinyengo, angachigwiritse ntchito kutsatsa nyumba yomwe kulibe, nkhope yanu ili pomwepo ngati umboni. Pachifukwa chimenechi, pa chithunzi chilichonse chotere palembedwe mawu oti "chithunzi choyerekeza, nyumbayi sinamangidwe" pamodzi ndi deti, ndipo alembedwe pakhoma penipeni pomwe sangadulidwe. Ngati woima kutsogoloyo si inu, monga mayi anu omwe mukuwamangira, afunsidwe kaye chithunzicho chisanatumizidwe m'magulu. Choopsa china n'chakuti makoma a pakompyuta amakhala osalala ndi owala kuposa pulasitala weniweni, choncho pemphani kuti aike zipangizo zomwe mudzagule ndithu: malata wamba ngati ndi omwe mwawerengera, mafelemu a zitsulo a owotcherera, mabuloko osapaka ngati utoto udzadikira chaka china. Ndipo kukongola kwa chithunzi sikunena kanthu za kulimba kwa nthaka kapena njira ya madzi. Omwe anaona zomwe namondwe Freddy anachita ku Chilobwe mu Malichi 2023 akudziwa kuti puloti ya m'mbali mwa phiri imafuna kufunsa akatswiri mafunso ena omwe chithunzi sichingayankhe.

Njira iti kwa ndani

Ngati mukadali pokambirana m'banja, simunatsimikize kukula kwa nyumba ndipo ndalama zikadali zosonkhanitsa, yambani ndi pepala loonekera ndi pensulo. Mungathe kuyala mapepala atatu osiyana pa chithunzi chimodzi usiku umodzi, ndipo agogo omwe sakhulupirira za pafoni amatha kuloza ndi chala pomwe akufuna chitseko.

Ngati ndi okala kapena kagolosale ka khoma limodzi loyang'ana kumsewu, ndipo funso lanu ndi la mtundu wa utoto, kukula kwa zenera logulitsirapo ndi malo a chikwangwani, foni ikukwanirani, malinga nsungwi ziwiri zija zioneke pachithunzi ndipo muyeze ndi mzere wa maso musanatumizire aliyense. Chithunzi chomwecho chikafunika kusindikizidwa kuti chikaonetsedwe ku gulu lobwereketsa ndalama kapena kwa mwini malo yemwe mukufuna kuchita naye lendi, pitani nacho ku situdiyo, mutanyamula miyeso yolembedwa papepala, ndipo mukhale pambali pa wokonzayo pamene akuika nyumbayo.

Ngati ndi nyumba yogona ya zipinda zingapo, nyumba yosanja, mzere wa masitolo, kapena puloti iliyonse yomwe nsungwi zasonyeza kuti ngodya zake zasiyana ndi theka la mita kapena kuposerapo, lipirani wojambula mapulani kuti chithunzicho chichokere pa miyeso yomweyo ya pulani yopita ku khonsolo. Mayi a ku Machinjiri aja anathera pa njira yachitatu, popeza malo awo anali osatsetsereka ndipo sitolo yawo inali ya khoma limodzi loonekera kumsewu. Wa ku situdiyo anachepetsa kutsogolo kwake kufika pa masentimita 18, anajambula mizati ya khonde payokha, ndipo achimwene awo ataona chithunzi chachiwiricho anavomera kuti saluni idzamangidwe kumbali, chaka china.